Lipoti la maphunziro ojambula nkhope, kwa gulu lathu la oluka tsitsi ku Kalingalinga

Amayi Wapampando ndi anzanga nonse, munandituma ku maphunziro a ojambula zithunzi amene anachitikira ku Kabwata kuti ndikafunse funso lija limativuta: bwanji kasitomala amadzuka pampando atakongola, koma pachithunzi nkhope yake imada bii, mphuno itakula? Yankho ndabwera nalo, ndipo palibe chifukwa chogulira foni ina.

Nthawi yambiri tinathera pa kuwala. Mphunzitsi anakhazika mayi wina pampando atafulatira chitseko chotsegula, monga timachitira ife m'masaluni mwathu, n'kumujambula. Panja panaoneka bwinobwino, koma mayiyo anali ngati chithunzithunzi, malukidwe a tsitsi osaoneka n'komwe. Chimachitika n'chakuti foni imaona kuwala kochuluka kumbuyoko, ndiye imadetsa chithunzi chonse kuti panja pasayere kwambiri, ndipo khungu lathu lakudali ndi limene limayamba kutayika. Kenaka anatembenuza mpando kuti mayiyo ayang'ane kuchitseko, wojambula n'kuima chapakhomo pambali pang'ono. Foni yomweyo, mpando womwewo, koma maso anawala ndipo mzere uliwonse wa tsitsi unaoneka.

Sanathere pomwepo. Anapotoza mpando pang'ono, pafupifupi madigiri 45, kuti kuwala kubwere cham'mbali. Tsaya limodzi linawala, linalo linakhala ndi kamthunzi, ndipo nkhope inaoneka ndi maumbidwe ake enieni. Mthunzi utachuluka, anauza mnzathu wina agwire nsalu yoyera pafupi ndi tsaya lamthunzilo, nsaluyo n'kubwezera kuwala kunkhope. Kuti mudziwe ngati zakhala bwino, yang'anani m'maso mwa munthuyo: mukaona kadontho kowala m'diso lililonse, jambulani. Ngati nkhope idakali yakuda, dinani pankhopepo pa sikirini, ndipo kachizindikiro ka dzuwa kakatuluka mukakankhe pang'ono kuti kuwale. Mukaonjeza, chipumi chimayera mbuu. Apa ndionjezepo zanga: mafuta amene timapaka m'mizere ya tsitsi amatsikira pachipumi n'kumanyezimira, ndiye tizipukuta ndi kathishu tisanajambule.

Za panja anatichenjeza kwambiri. Kuno ku Lusaka dzuwa la masana limakhala pamutu penipeni, makamaka mu Novembala ndi mu Febuluwale, ndipo limaika mithunzi m'maenje a maso ndi pansi pa mphuno, munthu n'kumatsinzinanso. Ndi bwino kumuimika pakhonde, mumthunzi koma akuyang'ana kunja, kapena kudikira cha m'ma 17 koloko dzuwa litapendeka. Pansi pa mtengo wa mango pamanyenga, chifukwa dzuwa lodutsa m'masamba limaika mawangamawanga pankhope. Tenti yofiira kapena yobiriwira ya paphwando nayo imapaka mtundu wake pakhungu. Magetsi akathima musathamangire fulashi ya foni, tulukani naye pakhomo.

Tsopano za mphuno. Vuto si mphuno ya munthu, ndi kuyandikira. Foni ikakhala pafupi, mphuno imakhala pafupi kwambiri ndi lenzi kuposa makutu, choncho imakula pamene makutu akuchepa. Anatiuza za kafukufuku wa madokotala a ku Amerika wa mu 2018, amene anapeza kuti kujambula pa mtunda wa masentimita 30 kumakuza mphuno ndi pafupifupi 30 peresenti, pamene pa mita imodzi ndi theka imaoneka monga ilili. Ndiye bwererani m'mbuyo masitepe awiri, dinani 2x ngati foni yanu ili nayo, ndipo 0.5x musaigwiritse ntchito pankhope. Foni ikhale molingana ndi maso a kasitomala kapena pamwamba pang'ono. Ikakhala m'munsi mumajambula chibwano ndi m'mphuno.

Kaimidwe anangokadutsa mwachidule, ndipo ineyo ndinaona kuti kanali kokwanira. Kasitomala apotoze mapewa pang'ono, asolole khosi kuti chibwano chibwere kutsogolo, kenaka achitsitse pang'ono. Amamva ngati zachilendo, koma mzere wa nsagwada umatuluka bwino. Wovala magalasi atembenuke pang'ono kufikira chitseko chitasiya kuoneka m'magalasimo.

Chimene sindinagwirizane nacho n'chakuti achinyamata ena ankalimbikira mafiluta oyeretsa khungu. Kasitomala wathu ayenera kudzizindikira pachithunzi, ndipo filuta imafufuta tizingwe tating'ono ta tsitsi timene tavutikira kuluka.

Pempho langa kwa komiti ndi ili: tigule nsalu yoyera ku Kamwala, tidule mita imodzi ya saluni iliyonse. Pamsonkhano ukubwerawu aliyense abwere ndi foni yake, lenzi atapukuta, kuti tiyeserere pakhomo pa saluni ya Amayi Wapampando. Ndipo tigwirizane kuti chithunzi cha kasitomala sitikuika pa WhatsApp iye asanachione n'kuvomera.