Kalata yotseguka kwa mkulu wa zaumoyo m'boma lathu: maliro okha sakwanira poyeza kulemera kwa matenda

Bwana,

Ndakupatsani moni. Ndine mmodzi wa antchito anu pa chipatala chaching'ono chakumudzi. Ndakulemberani kawiri kudzera mu ofesi, ndipo kachitatu ndinakudikirani pakhonde mpaka munatuluka mu msonkhano. Munandimvetsera mwaulemu, ndikuthokoza, koma yankho silinabwere. N'chifukwa chake lero ndalemba poyera.

Nkhani ndi ya mndandanda wa matenda umene timaugwiritsa ntchito pokonza dongosolo la chaka la boma lathu. Mndandandawo umasanja matenda potengera anthu amene amwalira nawo m'zipatala. Nthenda imene yapha ambiri imakhala pamwamba, ndipo ndalama za mankhwala zikachepa timayamba kudula kuchokera pansi. Khunyu imakhala pansi penipeni chaka chilichonse. Mawu amene ndinawamva pa msonkhano uja ndi akuti khunyu siipha anthu.

Ndikuuzeni za mnyamata wina wa m'dera lathu. Dzina ndalisunga. Anayamba kugwa ali ndi zaka 12, sukulu anasiyira pomwepo chifukwa anzake ankathawa akagwa, poopa kuti malovu ake awapatsira nthenda. Mayi ake atatopa ndi asing'anga anabwera naye kwa ife, tinamuyambitsa mapiritsi a fenobabitoni, ndipo kugwa kunatha. Anayamba kulima dimba la tomato. Ankabwera yekha pa njinga mwezi ndi mwezi, buku lake la kuchipatala lili m'jumbo ya shuga kuti lisanyowe. Kenako mankhwala anayamba kusowa. Miyezi itatu yotsatizana ndinamubweza chimanjamanja, ndikulemba m'bukumo kuti mankhwala palibe. Inu mukudziwa bwino kuti munthu akasiya fenobabitoni mwadzidzidzi kugwa kumabwerera mwamphamvu kuposa kale. Tsiku lina m'mawa anapita kukatunga madzi othirira pa chitsime cha m'dimba, anagwa chafufumimba m'madzi ofika m'mawondo, ndipo amene anam'peza ndi mayi ake atabwera ndi phala. Anali ndi zaka 22.

Imfa imeneyi mu mndandanda wanu mulibe. Anafera kudimba, anaikidwa kumudzi, ndipo amene anafunsa anauzidwa kuti anamira. Kaundula wathu wa khunyu akungosonyeza kuti wodwalayo anasiya kubwera.

Bwana, njira yoyezera zinthu zotere ilipo, ndipo si yachilendo kwa inu. Inatulukira mu lipoti la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse la 1993, kuchokera ku ntchito ya Christopher Murray ndi Alan Lopez. Maganizo ake ndi osavuta: m'malo mowerenga mitembo, tiwerenge zaka za moyo wathanzi zimene nthenda yalanda. Zakazo zimatayika m'njira ziwiri. Pali zaka zimene munthu wataya chifukwa wafa msanga, zimene amazilemba kuti YLL, ndipo pali zaka zimene wakhala moyo koma ali wodwala kapena wolumala, zimene amazilemba kuti YLD. Mukaphatikiza ziwirizi mumapeza DALY.

DALY = YLL + YLD

Tiyeni tiwerenge za mnyamata uja. Pofuna kupeza YLL timafunsa kuti munthu wa msinkhu wake akanakhalabe zaka zingati. Tebulo limene linagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wa kulemera kwa matenda pa dziko lonse lapansi wa 2010 limapatsa khanda lobadwa kumene zaka 86, munthu wa zaka 22 limamupatsa pafupifupi 64, ndipo gogo wa zaka 80 pafupifupi 11. Ndiye imfa ya mnyamatayu ndi zaka 64 zotayika. Mu mndandanda wathu, ngakhale akanafera pa bedi la chipatala, akanangokhala mzere umodzi wofanana ndi wa gogo wa zaka 80. Sindikunyoza imfa ya agogo, maliro onse amapweteka. Koma pogawa ndalama zochepa tiyenera kudziwa kuti imfa imodzi ya mnyamata wotereyu yalanda zaka zofanana ndi imfa pafupifupi zisanu ndi imodzi za okalamba otere.

Pano ndiyankhepo zimene mnzathu wina ananena pamsonkhano, kuti popeza Amalawi amakhala zaka za m'ma 60, mnyamatayu wangotaya zaka 40. Nambala imene timaitchula kuti zaka zimene munthu akuyembekezeka kukhala ndi moyo ndi avereji ya pobadwa, ndipo imatsitsidwa kwambiri ndi imfa za ana aang'ono. Munthu amene wapyola kale ukhanda n'kufika zaka 22 amayembekezeka kupitirira avereji imeneyo. Komanso nambalayi imasintha. Cha m'ma 2000, Edzi itafika pachimake, inali m'zaka za m'ma 40. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, ndiponso imfa za ana osafika zaka zisanu zitatsika kuchoka pa 234 mwa ana 1,000 mu kafukufuku wa 1992 kufika pa 63 mu wa 2015 mpaka 2016, inakwera kupyola 60. Tikanati tiziyezera ndi nambala yathu yokha, ndiye kuti imfa ya mnyamata wa mu 2000 ikanaoneka yopepuka kuposa ya mnyamata wa lero, chabe chifukwa nthawi imeneyo anthu ankafa ambiri. N'chifukwa chake tebulo lija limakhala limodzi kwa anthu onse, kuti imfa ya mwana wa kuno isachepetsedwe poiyerekeza ndi ya mwana wa ku Japani.

Koma chimene chikundiwawa kwambiri ndi mbali yachiwiri, ya amene adakali moyo. Nthenda iliyonse imapatsidwa mulingo wa kulemera kwake pakati pa 0 ndi 1. Ziro ndi thanzi langwiro, 1 ndi chimodzimodzi imfa. Pa milingo ya 2013, munthu amene amagwa kamodzi kapena kupitirira pa mwezi ali pa 0.552. Ndiko kunena kuti chaka chilichonse chimene wakhala chotere, chopitirira theka chatayika. Munthu yemweyo akakhala pa mankhwala ndipo sakugwanso amatsika kufika pa 0.049. Kusiyana kwa nambala ziwirizi, pafupifupi theka la chaka, ndi kumene kabotolo ka mapiritsi kamagula.

Tengani anthu 100 amene amagwa mwezi ndi mwezi. Bungwe la WHO limati mpaka 70 mwa anthu 100 a khunyu angathe kusiyiratu kugwa akalandira mankhwala oyenera. Anthu 70 kuchulukitsa ndi theka la chaka ndi zaka 35 za moyo wathanzi zopulumutsidwa chaka chilichonse, popanda kuwerengera n'komwe amene akanamira kapena kupsa pa moto. Bungwe lomwelo limati mankhwala a munthu mmodzi angathe kutsika mtengo mpaka madola 5 pa chaka. Kwa anthu 100 ndi madola 500, ndipo mukagawa ndi 35 mupeza madola osapitirira 15 pa DALY imodzi. Ndikuvomereza kuti apa ndawerengera mankhwala okha, sindinaikepo mafuta a galimoto kapena malipiro a antchito, ndiponso si odwala onse amene amagwa pafupipafupi chotere. Chulukitsani mtengowo kawiri kapena katatu ngati mufuna. Pamene dziko lathu linkakonzanso mndandanda wa chithandizo chofunikira pa dongosolo la zaumoyo la 2017 mpaka 2022, mothandizana ndi akatswiri a ku yunivesite ya York, muyezo umene unagwiritsidwa ntchito unali madola 61 pa DALY imodzi yopulumutsidwa. Ngati likulu limayezera chonchi, bwanji ife pa boma tikuwerengabe maliro okha?

Si khunyu yokha. Amisala amene abale amawamanga ndi chingwe pamtengo chifukwa jekeseni wa mwezi sanabwere, amayi a fisitula, agogo amene ng'ala yawatseka maso pamene opaleshoni yake ndi yachidule, ana okodza magazi m'midzi ya m'mbali mwa madzi, onsewa mu mndandanda wathu saoneka chifukwa safa msanga.

Ndisakubiseni zofooka za muyezowu, chifukwa ndikudziwa kuti mudzazitchula. Nambala za DALY za dziko lathu zimene zimatuluka ku bungwe lofufuza ziwerengero za zaumoyo la IHME ku Seattle, ku Amerika, zambiri ndi zoyerekeza ndi masamu, popeza imfa zambiri kuno zimachitikira kunyumba ndipo palibe amene amalemba chimene chapha. Milingo ya kulemera kwa matenda inachokera pofunsa anthu m'mayiko ochepa, pa kafukufuku wa 2010 dziko la mu Afirika limene anayendera khomo ndi khomo linali Tanzania lokha. Ndipo 0.552 ija simawerengera mayi amene wasiya kupita kumunda kuti aziyang'anira mwana asayandikire moto, kapena mtsikana amene ukwati wake watha tsiku limene anagwa pamaso pa apongozi. Anthu olumala nawonso amadandaula, ndipo ali ndi mfundo, kuti muyezowu ungamveke ngati ukuti moyo wawo ndi wotsika mtengo. Uyenera kuyeza nthenda, osati munthu. Ndikudziwanso kuti mukawerenga moona mtima, malungo, chibayo cha ana ndi imfa za makanda zidzakhalabe pamwamba, chifukwa mwana mmodzi akafa zaka zoposa 80 zapita. Sindikupempha kuti mulande mankhwala a malungo. Ndikupempha kuti amene ali pansi pa mndandanda akhale pamenepo chifukwa tawerenga, osati chifukwa sitinawaone.

Bwana, munabwera kuno potsegulira chipinda chodikirira amayi oyembekezera. Pamaso pa mafumu munanena kuti odwala matenda okhalitsa adzakhala ndi tsiku lawo la kiliniki ndipo mankhwala awo sadzasowanso. Amayi anaimba, mafumu anaomba m'manja. Mayi a mnyamata uja analipo, anakhala kutsogolo pamphasa. Tsiku la kiliniki tinalikhazikitsa tokha, Lachinayi, ndipo anthu amabweradi, ena kuyenda wapansi kuyambira mbandakucha. Ndimawayeza, ndimalemba m'mabuku awo, kenako ndimawauza kuti akagule ku sitolo ya mankhwala kutauni. Mukudziwa kuti ambiri sapita. Munalonjezanso kuti alangizi a zaumoyo adzaphunzitsidwa kufunsa abale a womwalira mafunso othandiza kudziwa chimene chinapha munthu wofera kunyumba. Mafomu ake sitinawaonebe.

Ndiye pempho langa ndi ili. Dongosolo la chaka chamawa lisanasainidwe, lamulani kuti pambali pa chiwerengero cha imfa pakhale mizere ina iwiri, wa zaka zotayika ndi imfa ndi wa zaka zotayika ndi kudwala. Msinkhu wa womwalira uli kale m'makaundula, chiwerengero cha odwala matenda okhalitsa chili kale m'mabuku a Lachinayi, milingo ndi yofalitsidwa poyera. Kalaliki wa ziwerengero angathe kuchita zimenezi pa kompyuta ya mu ofesi yanu m'masiku ochepa, ndipo ine ndine wokonzeka kubwera ndi makaundula athu pa ndalama zanga. Zotsatira zake ziwerengedwe pamaso pa khonsolo ndi mafumu. Ndipo podikira zimenezo, tumizani fenobabitoni ndi kabamazepini pa galimoto ya mwezi uno. Lachinayi likudzali mudzakhalanso anthu pa benchi, ndipo mmodzi mwa iwo ndi mtsikana amene dzanja lake lamanja linapsa pa mafuwa mwezi watha, bala silinapolebe.

Ine wantchito wanu,
Wa pa chipatala chaching'ono chakumudzi