Ngongole zobisika m'maunduna

Mkonzi,

Ndine wogulitsa mapepala ndi inki. Ndinapereka katundu wa K5 miliyoni ku unduna wina mu Febuluwale, koma chaka cha boma chinatha pa 31 Malichi ndisanalipidwe.

Chimene chikundiwawa ndi ichi: boma limalemba ndalama m'mabuku pokhapokha zitatuluka kapena kulowa. Choncho m'malipoti a chaka chimenecho ngongole yanga simaoneka, ngakhale mapepalawo anagwiritsidwa kale ntchito. Invoisi ili phee m'kabati, ndipo ikadzalipidwa idzadya bajeti ya chaka china.

Pali kalembedwe kena ka m'mabuku komwe kamalemba ngongole tsiku lomwe katundu walandiridwa, ndalama zisanatuluke. Pamene tikudikira kuti boma liyambe kalembedwe kameneko, ndikupempha kuti unduna uliwonse uzisindikiza mainvoisi onse osalipidwa, ndi miyezi imene akhala, kuti aphungu aziona.

Wamalonda wodandaula,
Lilongwe