Lipoti la Nthumwi: Mmene Uthenga Umatayira Malire Ake Tikamaufupikitsa Mobwerezabwereza

Apampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la olemba ndi omasulira mauthenga a zaumoyo,

Ife awiri amene munatituma ku msonkhano wa akonzi tabwerako. Zokambidwa zinali zingapo, koma tikhazikika pa gawo limodzi lomwe likukhudza ntchito imene timagwira sabata iliyonse, yotenga chikalata chachitali nkuchisandutsa kapepala, kenako uthenga wa pawailesi, mapeto ake uthenga wa pafoni.

Mfundo yaikulu inali yakuti pofupikitsa, mawu oyamba kugwa ndi aja oika malire: "ena", "kupatula", "pokhapokha", "pakatha", "mwina". Amaoneka ngati mankhusu chifukwa chiganizo chimaimabe popanda iwo, ndipo chimamveka champhamvu kuposa kale. Wofupikitsa aliyense amachotsa kamodzi kokha ndipo amakhala ndi chifukwa chomveka. Vuto limadza chifukwa wachitatu amafupikitsa za wachiwiri, osaonanso chikalata choyambirira.

Otsogolera anayamba ndi nkhani ya ku Amereka. Mu 1980, Jane Porter ndi Hershel Jick a ku Boston analemba kalata ya ziganizo zisanu m'magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine. Ananena kuti mwa odwala 11,882 ogonekedwa m'chipatala amene analandira mankhwala amphamvu opha ululu a m'gulu la mofini, anayi okha ndiwo analembedwa kuti anazolowera mankhwalawo mpaka kulephera kuwasiya. Amenewa anali anthu a m'mawodi, olandira mankhwala m'manja mwa anamwino. M'zaka zotsatira kalatayo inkatchulidwa ngati umboni wakuti mankhwalawa savuta kusiya, ngakhale kwa munthu amene akumwera kunyumba miyezi yambiri. Mu 2017 ofufuza anawerenga zolemba 608 zomwe zinatchula kalatayo, ndipo anapeza kuti zoposa 80 pa 100 zilizonse sizinanene kuti odwalawo anali ogonekedwa. Chomwe chinatayika ndi mawu awiri basi, "ogonekedwa m'chipatala", ndipo ndi mawu omwe tanthauzo lonse linatsamirapo.

Kenako anatipatsa ntchito yapafupi ndi kwathu, ya SP, yemwe ambiri timamutcha fansida, woperekedwa kusikelo kuteteza amayi oyembekezera ku malungo. Chikalata choyamba chinali ndi malire anayi. Mayi ayambe kumwa pathupi pakakwana masabata 13, osati m'miyezi itatu yoyambirira. Pakati pa kumwa ndi kumwanso papite mwezi umodzi kapena kuposerapo. Amwe katatu kapena kuposa asanachire. Ndipo mayi amene ali ndi HIV ndipo akumwa bakitirimu tsiku ndi tsiku asapatsidwe SP, chifukwa mankhwala awiriwa ndi a mtundu umodzi, kuwaphatikiza kumaonjezera zovuta m'thupi, pamene bakitirimu amamuteteza kale ku malungo.

Pepalalo linadutsa m'matebulo atatu, tebulo lililonse likuona zolemba za tebulo lapitalo zokha. Loyamba linasunga zonse, koma nkhani ya bakitirimu linaikankhira m'munsi ndi zilembo zing'onozing'ono, poganiza kuti ikukhudza amayi ochepa. Lachiwiri, lokonza uthenga wa pawailesi, linaona mzere wam'munsiwo ngati choonjezera nkuuchotsa, ndipo "masabata 13" linawasandutsa "msanga". Apa tinaona bwino pomwe panalakwika: m'chikalata choyamba "msanga" ankanena za kuyamba sikelo, koma ziganizo ziwiri zitalumikizidwa, liwulo linakakamira pa kumwa mankhwala. Lachitatu linatulutsa uthenga wa pafoni wakuti, "Amayi onse oyembekezera, yambani kumwa SP msanga, mwezi uliwonse." Liwu lakuti "onse" silinalipo m'chikalata choyamba. Linalowa lokha pamalo pomwe panachoka "kupatula".

Uthenga umenewu ndi wosalala, ndipo aliyense wa ife akanaudutsitsa. Koma ukulangiza zolakwika magulu awiri: mayi wa pathupi pa miyezi iwiri, ndi mayi amene ali pa bakitirimu.

Njira zogwirira vutoli lisanafike patali ndi zosavuta, koma zimafuna kuti zichitike lumo lisanakhudze pepala. Woyamba kugwira chikalata alembe papepala lapadera mayankho a mafunso asanu: uthengawu ndi wa ndani, kupatula ndani, kuyambira liti, kangati kapena mochuluka bwanji, ndipo olemba ake atsimikiza kufika pati. Pepala limeneli liziyenda pamodzi ndi uthenga m'manja mwa aliyense. Womaliza kufupikitsa achonge malire amene atsala, ndipo pa amene wachotsa alembe chifukwa chake. Ntchito ya SP ija ikanagwidwa pa tebulo lachiwiri, chifukwa pa malire anayi awiri anali atapita kale.

Chachiwiri, kufupikitsa kulikonse kuyambire pa chikalata choyambirira. Wolemba uthenga wa pafoni asatengere pa wa pawailesi. Zimadya nthawi, tikudziwa, makamaka pulogalamu ikamayembekezera madzulo omwewo, koma apa ndi pomwe unyolo umadukira.

Chachitatu ndi chomwe ife tinachiona chothandiza kwambiri. Uthenga wofupikawo mupatse munthu amene sanaone chikalata choyamba, mumufunse kuti, "Ndani ayenera kuchita zimenezi, ndipo ayambe liti?" Akayankha kuti "mayi aliyense, akangodziwa kuti ndi woyembekezera", mwadziwa kuti malire agwa. Wolemba mwini sangachite mayeso amenewa, chifukwa mutu wake umabwezeramo zomwe pepala lataya.

Pali china chomwe ife a Chichewa tiyenera kuchiyang'anitsitsa, ndipo tinachinena m'gulu lathu la zokambirana. M'chiyankhulo chathu malire ambiri amakhala mkati mwa mneni. "Angathandize" ndi "amathandiza" ndi liwu limodzi limodzi, ndipo kuwerenga mawu sikungaonetse kuti chachoka nchiyani, koma loyamba likukayikira pamene lachiwiri likulonjeza. Chimodzimodzi "akamwa" ndi "amwe": lina likuika malire, lina likulamula. Choncho poyerekeza zolemba ziwiri, tiziwerenga aneni mmodzimmodzi mokweza, osangosaka mawu amene asowa.

Panabuka mtsutso pa funso lakuti, nanga malire onse akakana kukwana m'zilembo 160 za uthenga wa pafoni? Ena anati tisankhe ofunika kwambiri, otsalawo anamwino adzakonza kusikelo. Ife sitinagwirizane nawo kwathunthu, chifukwa fansida amapezekanso m'masitolo ogulitsa mankhwala, ndipo mayi womva lamulo lakuti "imwani" atha kukagula yekha. Maganizo amene tinawaona anzeru ndi akuti malire akapanda kukwana, tisinthe chochita chimene uthenga ukulamula, tim'tumize munthu kwa amene ali ndi malire onse. Gulu lathu linalemba motere: "Amayi oyembekezera: yambani sikelo msanga. Anamwino adzakuuzani nthawi yoyambira SP. Ngati mukumwa bakitirimu, auzeni. SP samwedwa pamodzi ndi bakitirimu." Sukupitirira zilembo 160. Masabata 13 ndi kangati sizikutchulidwa, koma palibe amene angavulale potsatira zomwe walamulidwa.

Pempho lathu, apampando, ndi lakuti pa msonkhano ukubwerawu aliyense abweretse uthenga umodzi wofupika umene tinatulutsa kale, pamodzi ndi chikalata chomwe unachokera. Ife tibweretsa pepala la mafunso asanu lija kuti tiuyese uliwonse. Umene upezeke kuti unataya "kupatula" kapena "pakatha", tiuchotse pa mndandanda wa oulutsidwa mpaka utalembedwanso, ndipo tisankhe munthu mmodzi wosunga zikalata zoyambirira kuti wofupikitsa aliyense azizipeza mosavuta.