Botolo palokha, kapu ndi galasi la windo ayi

A Mkonzi,

Ndakhala ndikuwerenga nkhani za zinyalala zomwe mumatulutsa ndipo pali mawu amodzi omwe amabwerabwera, akuti magalasi onse titolere pamodzi akasungunulidwe apange mabotolo atsopano. Ine ndili ku Joni kuno ndipo ntchito yanga ndi ya pa yadi yogula mabotolo kwa anthu otola, ambiri mwa iwo ndi abale athu omwe a kumudzi okoka matolole m'mamawa, nde ndati ndiyankhepo poti mawu akuti "onse" amenewo ndi amene amabwezetsa katundu pa geti ya fakitale.

Botolo la mowa, la zakumwa kapena la jamu limapangidwa ndi mchenga, soda ndi mwala wa laimu, amaziphika mu ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 1,500. Mabotolo akale akaphwanyidwa n'kuyeretsedwa amawatchula kuti kaleti, ndipo a fakitale amamufuna kwambiri chifukwa amasungunuka msanga kuposa mchenga. Pa 10 peresenti iliyonse ya kaleti yomwe athira, moto wofunika umatsika ndi 2 kapena 3 peresenti, pa ng'anjo yoyaka usana ndi usiku zaka ndi zaka imeneyo ndi ndalama yeniyeni. Koma kaletiyo azikhala wa mabotolo okhaokha basi.

Za mitundu sindichulutsa. Ilipo itatu, oyera oonekera mkati, abulauni ndi agirini. Mtunduwo sikuti ndi penti ya pamwamba yoti ipsa pa moto, uli mkati mwa galasi momwemo, girini amachokera ku kromiyamu ndi ayironi, bulauni ku ayironi, safa ndi kaboni, ndipo ukasungunula mtundu sutha. Ng'anjo ya agirini imapirira, imalandira zosakanikirana zambiri ndithu, koma ya oyera ndi yokhwima malamulo, zibenthu zochepa za girini zimadetsa mphika onse ndipo wogula mabotolo a mayonezi safuna botolo looneka ngati la madzi a pachithaphwi. Mchifukwa chake timawauza otola kuti asankhe asanaphwanye, botolo lathunthu mwana amatha kulisankha koma likasanduka tizidutswa zimafunika makina.

Vuto lalikulu ndi zadothi. Makapu a tiyi, mbale zosweka, masosala, matailosi, zidutswa za sinki ndi za toileti, njerwa ndi timiyala ta pansi pomwe munthu amaphwanyira mabotolo. Zambiri mwa zinthu izi zinaotchedwa kale pa moto waukulu ndipo zonsezi mu ng'anjo ya mabotolo sizisungunuka, zimangoyenda ndi phala la galasi mpaka mu chikombole. Botolo likatuluka mumaona kadontho koyera kakang'ono ngati njere ya mpunga kapena kuchepera, kali mkati mwa khoma la botolo, a fakitale amati ndi mwala. Pozizira galasi limafinyika mwa mlingo wake, kamwalako nakonso mwa mlingo wake wina, nde pozungulira pake pamatsala timing'alu tosaoneka ndi maso. Botolo lotere likapulumuka pa makina oyeza n'kukafika kothira zakumwa za gasi, likhoza kuphulika pa laini, laini yonse kuima anthu akusesa magalasi, ndipo zikavuta limakasweka m'kireti kapena m'manja mwa kasitomala.

Tiwerengere limodzi. Kaleti wokonzeka kulowa mu ng'anjo, malire a zadothi ndi miyala amawayeza m'magalamu pa tani, mafakitale ambiri ndi cha m'ma 25 magalamu pa tani imodzi. Kapu wamba wa tiyi amalemera pafupifupi magalamu 300. Gawani 300 ndi 25 mupeza 12, kutanthauza kuti kapu mmodzi yekha akadutsa osagwidwa wadya malire a matani 12 a kaleti. Ndipo salowa ali wathunthu, amakhala wasweka tizidutswa mazanamazana, kalikonse kakhoza kuononga botolo lake.

Wina anena kuti nanga makina si alipo. Alipo inde. Maginito amakoka zitsekerero zachitsulo, pali ena amakankhira kumbali za aluminiyamu, mphepo imauluza mapepala, kenako kaleti amadutsa pa kuwala pomwe makamera amayang'ana chidutswa chilichonse, chomwe kuwala sikudutsa amachiwombera kunja ndi mpweya. Koma tizidutswa tating'ono kwambiri timazemba, komanso powombera chadothi chimodzi amataya ndi galasi labwino lomwe linali pafupi, nde lodi ikakhala yakuda kwambiri amangodula mtengo kapena kuibweza. Amene amaluza si kampani, ndi mayi uja wakoka tolole kuyambira 4 koloko m'mawa.

Choopsa kuposa kapu ndi galasi lopirira moto, mbale zija zoika mu uvuni ngati za Pyrex, majagi a khofi, ndi galasi la pamwamba pa masitovu amakono. Izi zimafuna moto woposa wa mabotolo, zina zimangofewa n'kusiya mfundo kapena mizere m'botolo, ndipo poti zambiri kuwala kumadutsa bwinobwino kamera wamba imaziona ngati botolo loyera n'kuzilola.

Tsono galasi la windo, apa mpomwe timakangana ndi anthu tsiku ndi tsiku, ndipo ndinene chilungamo mkangano wawo uli ndi mutu chifukwa nalonso ndi la mchenga, soda ndi laimu ndipo limasungunuka ndithu. Kusiyana kuli pa kasakanizidwe, mwachitsanzo la windo limakhala ndi maginiziyamu wambiri kuposa la botolo, nde kulimba kwa phala lake komanso liwiro lomwe limauma nalo sizifanana. Makina opanga mabotolo amadula phala lotentha m'mibulu yofanana kulemera n'kuiuzira mpweya m'zikombole, mabotolo mazana pa mphindi, ndipo zonse anazitchera pa phala la mtundu umodzi. Mukathira magalasi a windo ambiri osayeza phala limasintha khalidwe, khoma la botolo kwina lochindikala kwina lopyapyala. Onjezani zomwe windo imabwera nazo, pate ya m'mbali, penti, zidutswa za felemu, ena ali ndi waya mkati, ena anawapaka zotchinga dzuwa. Galasi la kutsogolo kwa galimoto ndi magalasi awiri omata pulasitiki pakati, kalilole ali ndi siliva ndi penti kumbuyo. Magalasi amenewa ali ndi msika wawo, amakapanga magalasi ena a windo kapena ubweya wa galasi woika kudenga, koma thumba lawo likhale lina.

Mababu, machubu a magetsi ndi magalasi a ma TV akale aja a chimimba asayandikire n'komwe, m'machubu muli mekyule ndipo m'ma TV muli mtovu, palibe amene akufuna zimenezo m'botolo la chakudya.

Nde kwa amene akuganiza zoyambitsa zotolera mabotolo kumudziko, magulu a achinyamata, a mabala, a makhonsolo, pempho langa ndi loti pa chikwangwani musalembe kuti magalasi, lembani kuti mabotolo okha, ndipo migolo ikhale itatu ya mitundu. Pophwanyira pakhale pa simenti yosesa kapena mu mgolo, osati pa dothi pomwe fosholo imatola ndi miyala yomwe. Mabotolo a dipoziti obweza ku golosale musawaphwanye, amenewo amatsukidwa n'kuthiridwanso kambirimbiri ndipo ndalama yake imaposa ya kaleti kutali. Ndipo musanatolere kanthu yambani mwapeza wogula, akuuzeni malire ake a zadothi ndi mtengo wa tani, muwerengere ndi transipoti poti galasi ndi lolemera koma mtengo wake pa kilo ndi wochepa kwambiri.

Ndine wowerenga wanu,
Germiston, South Africa