Lipoti la wekishopu ija munanditumako, ndi pomwe tinaphonya pa sistimu yatsopano ija

Anzanga nonse a mu komiti, ndabwerako ku wekishopu ija ya momwe tingatsogolere antchito zinthu zikamasintha pa ntchito, zikomo pondituma. Zinakambidwa zambiri koma ine ndingotenga zomwe zatikhudza ifeyo, chifukwa kungoyambira tsiku loyamba maganizo anga anali kosungira katundu kwathu kuja ndi makompyuta aja tinagula koma mpaka pano anthu akulembabe m'kaundula.

Anatiphunzitsa masitepe 8 a John Kotter wa ku Harvard Business School, amene anawalemba mu 1995 kenako n'kuwatambasula m'buku mu 1996. Mwachidule amati anthu ayambe aona okha kuti zinthu sizingapitirire chonchi, upeze kagulu kotsogolera, mugwirizane komwe mukupita, muwauze anthu mobwerezabwereza, muchotse zopinga, muonetse phindu laling'ono msanga, musapume msanga, kenako zatsopanozo zikhazikike zikhale chizolowezi. Nditawerenga mndandandawu ndinaona kuti ife tinalumpha masitepe anayi oyamba onse. Tinatulutsa memo Lachisanu kuti kuyambira Lolemba kaundula watha, tireningi ya tsiku limodzi, basi.

Ndiye taonani zomwe zikuchitika pano. Ma kalaliki akulemba katundu wotuluka m'kaundula masana, madzulo n'kumakopera mu kompyuta mothamanga kuti aweruke, ndiye ntchito yawirikiza, manambala akusiyana, ndipo akasiyana onse amati mwaona sistimuyi ndi yabodza. Otiphunzitsa anati kukana kwenikweni sikubwera ndi phokoso, muziyang'ana zinthu ngati zimenezi, kusunga njira yakale pambali, kukhala chete pa miting'i n'kukayankhulira panja, tizifukwa tosatha ta netiweki. Zonsezi tili nazo ndithu, ndipo ine ndemwe ndinkati ndi mwano chabe, ndinalakwa.

Tangoganizani bambo aja akhala kosungira katundu zaka zambiri, amene amadziwa pamtima shelefu iliyonse. Ulemu wawo wonse uli pamenepo, aliyense amafunsa iwo. Lero tawapatsa kiyibodi akusaka chilembo chimodzichimodzi ndi chala chimodzi, wachinyamata wobwera dzulo ataima kumbuyo kwawo akudikira. Munthu wamkulu sanganene kuti ndikuchita manyazi, anena kuti makinawa ndi ochedwa. Ndipo anzawo amamvera iwowo kuposa memo yathu, nde kagulu kotsogolera ka sitepe yachiwiri kamayenera kuyambira pa iwo, osati mabwana okhaokha. Kotter amanenanso kuti ngati mamanejala okwana 75 pa 100 alionse sanakhutire kuti kusintha n'kofunikadi ndiye simunayambe, ife ngakhale supavaiza wa komweko sitinamufunse.

Chomwe chinandigwira mtima ndi kafukufuku wa Coch ndi French wa mu 1948, pa fakitale yosoka zovala zogonera ku Virginia, ku America. Gulu lomwe linangouzidwa kuti kagwiridwe ka ntchito kasintha, ntchito yawo inatsika, madandaulo anachuluka, ena anasiya ntchito. Gulu lomwe linakhala nawo pokonza kasinthidweko linabwerera msanga pa liwiro lakale mpaka kupitirira. Kusintha kofanana, anthu a fakitale imodzi, kusiyana kunali kufunsidwa basi.

Pempho langa ndi ili, tibwerere m'mbuyo. Titenge kaundula wa miyezi itatu yapitayi tiwerenge limodzi ndi ma kalaliki eni ake katundu amene anasowa kapena kugulidwa kawiri, aone okha vuto, tisawauze ife. Kenako tisakakamize zonse nthawi imodzi, tiyambe ndi mtundu umodzi wa katundu, monga za mu ofesi, kwa masabata anayi, pamenepo kaundula atsekedwe zenizeni koma kwinaku apitirire. Bambo aja aphunzire paokha kaye, chitseko chotseka, ndipo mayina ndi dongosolo la mashelefu mu sistimu akonze iwowo popeza amadziwa kuposa tonsefe. Kuwerenga sitoko kwa kumapeto kwa mwezi kukatenga maola ochepa kusiyana ndi kale, tilengeze kwa onse ndi kutchula amene achita. Koma tisathamangire kunena kuti zatheka, sitepe 7 imachenjeza zomwezo, mukangomasuka kaundula abwerera.

Ndisabise, njirayi ili ndi malire ake. Imadya nthawi, imaganiza kuti kusintha kumachokera kwa akuluakulu, komanso masitepewa pa ntchito yeniyeni amalowana sayenda pamzere. Ndipo siyingachize mantha ngati manthawo ndi oona. Funso lomwe ma kalaliki akunong'onezana ndi loti kodi kompyuta ikakhazikika ena achotsedwa? Ine yankho ndilibe, liyenera kuchokera kwa a dayilekita, ndipo ndikupempha kuti pa miting'i ya Lachinayi abwere atiyankhe mosapita m'mbali tisanapite kukakumana ndi anthuwo.