Makadi a b ndi d a pamkeka

Chinamwali,
Zomba.

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino kumeneko ku Mzuzu pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Kuno tilipo, mvula ndiyo yachita kunyanya, phiri silikuoneka n'komwe masiku ambiri.

Nkhani ya mwana wanu wa Sitandade 2 ija yandikhala pamtima chiyambire pomwe munandiuza pafoni, kuti akumalemba "duku" pofuna kulemba "buku". Pafoni sindikanatha kufotokoza bwino, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe. Mdzukulu wanga amene ndikukhala nayeyu anali ndi vuto lomwelo temu yathayi, ndipo chimene chatithandiza ndi timakadi 12 ta katoni timene timasewera pamkeka tikatha kudya mgonero. Masewerowo mukuwadziwa: makadi onse amawavundikira, munthu n'kutembenuza awiri, akagwirizana amatenga, akapanda kugwirizana amawavundikiranso. Koma ndikufuna mumve kumene ine ndinaphonya poyamba, chifukwa masabata awiri athunthu tinasewera mwana osaphunzirapo kanthu.

Makadi anga oyamba anali ofanana awiriawiri: ba ndi ba, da ndi da, bu ndi bu, choncho. Mwana anawakonda, ndipo pofika tsiku lachitatu ankandipambana ine ndemwe. Ndinasangalala kwambiri. Tsiku lina ndili kusenda mbatata ndinangotola kadi imodzi mwa amene anapata, ya du, n'kumufunsa kuti, "Iwe, apa palembedwa chiyani?" Anayang'ana kadiyo, n'kuyang'ana ine, n'kunena kuti, "Agogo, ndi inzake ya iyi." Anandionetsa inzakeyo molondola, koma kuwerenga osatha. Apo m'pamene ndinazindikira kuti maso ake ankangofananitsa maonekedwe, monga mmene munthu angafananitsire nsalu ziwiri za maluwa amodzi. Pamene makadi awiri ali ofanana ndendende, mwana safunika kudziwa liwu la phatikizolo kuti apate. Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa Sitandade 1 sindinazione zimenezi, poti m'kalasi modzaza ana simukhala mpata woti uyang'anitsitse mwana mmodzi akusewera.

Ndiye ndinasintha. Tsopano kadi iliyonse ya phatikizo inzake ndi chithunzi cha chinthu chimene dzina lake limayamba ndi phatikizolo. Mapeya ake ndi 6: ba ndi bakha, bo ndi botolo, bu ndi buku, de ndi dengu, di ndi diso, du ndi duwa. Mwana akatembenuza chithunzi cha buku kenako n'kutembenuza du, palibe chimene maso okha angamuuze. Ayenera kunena pakamwa kuti "bu-ku, bu", n'kuyang'ana kadi inayo n'kusankha ngati ndi bu kapena du. Taonani kuti bu ndi du ndinaziikamo dala zonse ziwiri. Pamenepo ndiye pagona ntchito yonse, chifukwa mapeya enawo mwana angathe kuwapata pongoona lembo laliwu la kumapeto, o kapena e, osasamala za b ndi d. Akazolowera mudzaonjezere da ndi dazi, kapena do ndi dowe, kuti ba ndi bo nazonso zikhale ndi opikisana nazo.

Zithunzi musade nazo nkhawa kuti simudziwa kujambula, koma chenjerani ndi dzina limene mwana angachipatse chithunzicho. Ine ndinajambula maso awiri ndi nsidze zake, mwana n'kumati "maso", kumafunafuna kadi ya ma imene kulibe. Duwa nalonso ndinalijambula ndi anzake atatu, iye n'kumati "maluwa". Jambulani diso limodzi, duwa limodzi. Bakha wanga woyamba ankamutchula kuti nkhuku mpaka ndinamukonza mlomo kuti ukhale wophwatalala ndi kumuika pamadzi. Choncho musanayambe kusewera, yalani zithunzi zonse poyera, muzitchule limodzi mpaka mugwirizane mayina. Mudzamvanso kuti b wa mu "bakha" ndi b wa mu "buku" satuluka mofanana m'kamwa mwathu ngakhale timalemba lembo limodzi. Mdzukulu wanga anazimva yekha n'kufunsa. Ndinangomuuza kuti onsewo ndi b, ndipo sizinamusokoneze.

Tsopano kapangidwe kake. Pezani katoni yopyapyala koma yolimba, monga ya mabisiketi kapena ya masamba a tiyi. Makatoni aakulu a sopo aja ndi okhuthala kwambiri, amavuta kudula ndipo m'mphepete mwake mumanyenyeka. Ine ndinapempha kwa mayi wina wa golosale kuno kwathu. Dulani kadi imodzi ya masentimita 6 m'lifupi ndi 9 m'litali, ndipo imeneyo ikhale muyezo wojambulira ena onse. Musamayeze iliyonse payokha ndi rula, amasiyana.

Chimene chimapha masewerowa ndi kumsana kwa kadi. Katoni ili ndi mbali yolembedwa ndi mbali yopanda kanthu. Makadi anga oyamba aja ndinalemba kumbali yopanda kanthu, poti ndi kumene kumalembeka bwino, ndiye akavundikiridwa pamwamba pamaoneka zolemba za kampani. Mwana sachedwa kugwira kuti kadi ya kachidutswa kofiira ndi ba. Chitani mosemphanitsa: matani pepala loyera la m'kope kumbali yolembedwayo ndipo mulembe papepalalo, mbali yopanda kanthu ikhale kumsana. Mukatero makadi onse akavundikiridwa amaoneka chimodzimodzi, ndiponso inki ya maka siboolera kuseri monga imachitira papepala lokha. Ngati mulibe guluu, phikani kaphala kopyapyala ka ufa wa chinangwa, mupake pang'ono chabe, kenako muwapsinje ndi mabuku olemera usiku wonse kuti asapindike. Kungoti phala limeneli mphemvu zimalikonda, ndiye makadi azigona m'chigubu chotseka. Chigubucho chimathandizanso pachinyontho cha dzinja. Kuno kwathu katoni ikangogona panja usiku umodzi imadzuka yofewa, ndipo kwanuko mvula simusiyana nafe kwenikweni. Kadi ina ikapindika pakona kapena kuthimbirira kumsana, ichotseni mupange ina, chifukwa yasanduka chizindikiro.

Polemba, lembani malembo aang'ono monga mmene aphunzitsi ake amalembera pabolodi, makamaka a uja wozungulira wokhala ndi kandodo, osati wa m'nyuzipepala. Ndipo pansi pa phatikizo lililonse jambulani mzere. Mzere umenewu musauiwale, achemwali. Tengani kadi yolembedwa d muizondotse, muona kuti yasanduka p. Nayenso u akazondoka ndi n, monganso 6 ndi 9. Mwana amene akulimbana kale ndi b ndi d sitingamuonjezerenso mtolo wina. Muuzeni kuti mzere uzikhala kumbali ya mimba yake nthawi zonse. Pachifukwa chomwecho musakhale moyang'anizana monga anthu osewera bawo. Khalani mbali imodzi ya mkeka, phewa ndi phewa, kuti nonse muziona malembo ali chilili.

Poyala, ikani mizere 3 ya makadi anayianayi. Malamulo athu ndi ochepa. Kadi imatembenuzidwa pamalo pomwe ili ndipo imavundikiridwa pomwepo, osainyamula kupita nayo kumaso, chifukwa masewerowa amadalira kukumbukira malo. Wotembenuza ayenera kutchula mokweza chimene waona, ndipo akapata peya osatchula, peyayo imabwerera pansi. Kadi zikapanda kugwirizana, zisiyeni poyera kanthawi koti muwerenge chamumtima mpaka 5, kuti winayo naye azione. Lamulo lakuti wopata atembenuzenso kachiwiri ine ndinalichotsa, poti mchimwene wake wa Sitandade 5 akalowa nawo ankasesa zonse wamng'onoyo akungoonerera, mapeto ake kulira.

Ndikuuzeni mmene zinayendera tsiku limene ndinadziwa kuti zayamba kugwira. Mdzukulu wanga anatembenuza duwa pakona ya kumanja ndi bo pakati, n'kuvundikira. Ine ndinatembenuza bu ndi dengu, n'kuvundikira. Itafika nthawi yake anathamangira bu uja ndinaonetsa ine, chala china chili kale paduwa. Anatembenuza zonse ziwiri n'kuyamba kuti "du-wa, du", dzanja lili m'mwamba kuti atenge. Kenako anaima. Anaika chala pakandodo ka lembolo, n'kuchitsitsa, n'kuchizunguliza kumanja kumene kuli mimba ya b. Anati, "Ayi, uyu ndi wa buku," n'kuvundikira yekha ine osanena kanthu. Peya sanapate, koma tsiku limenelo anawerenga. Mwana wanu akafika pamalo otere, dziletseni kumuuza yankho. Akalakwa n'kutenga, mufunseni kuti, "Tatchula bwino, mimba yaloza kuti?" Ife timati b amayamba ndi ndodo mimba pambuyo, d amayamba ndi mimba ndodo pambuyo, potsata mmene timawerengera kuchokera kumanzere.

Musafulumire kuchulukitsa makadi. Pa makadi 12, mwayi wopata mwangozi ulendo woyamba ndi umodzi pa 11, ndipo ukatembenuza kangapo umakhala waona ambiri. Pa makadi 20 mwayiwo ndi umodzi pa 19, ndipo malo oti uwakumbukire achuluka. Mwana wa zaka 7 akakhala ndi ntchito ziwiri, kukumbukira malo ndi kuwerenga, imodzi imagwa, ndipo kawirikawiri imagwa ndi ya kuwerenga. Mudzadziwa kuti makadi achuluka mukaona akungotembenuza mwachisawawa, kapena kubwerera pakadi yomweyo katatu osakumbukira. Zikatero chotsani mapeya awiri. Ngati 12 omwewo akumulemera, vundikirani zithunzi zokha, maphatikizo akhale poyera, azitembenuza chithunzi chimodzi n'kusaka phatikizo lake. Kupita ku 16, mizere 4 ya anayianayi, dikirani mpaka azitchula maphatikizo onse 6 osadodoma masiku angapo otsatizana. Ife timasewera maulendo awiri basi, mphindi 10 kapena 15, n'kusiya akufunabe.

Chimodzi ndinene mosabisa: makadiwa amathandiza kuzindikira lembo, koma dzanja lili ndi chizolowezi chakechake. Mdzukulu wanga anayamba kuwerenga bu ndi du molondola pamkeka, komabe m'kope ankalembabe d m'malo mwa b kwa masabata ena angapo. Ndiye tikatha kusewera ndimamutchulira mayina atatu a zithunzi zimene wapata, iye n'kulemba pansi ndi kamtengo kapena pakope, makadi ali ovundikira, kenako amatembenuza n'kudzichonga yekha. Apo m'pamene mungaone ngati za pamkeka zafika kudzanja. Ngati temu yonse yatha mukuchita zimenezi koma palibe kusintha, kapena mukuona kuti amayandikitsa kwambiri kadi kumaso, kacheze ndi aphunzitsi ake ndipo mukamuyezetse maso kuchipatala.

Mlamu wanu wamng'ono akubwera kumeneko kumapeto kwa mwezi, ndiye ndimupatsira kadi imodzi ya muyezo ndi bakha wanga wokonzedwa uja kuti muonere. Enawo mupange naye mwanayo, iye azipaka mitundu pazithunzi, koma kumsana asakhudzeko. Mundiuze peya imene ikumuvuta kwambiri akasewera sabata yoyamba.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu,
NaBanda