Dandaulo pa ngongole ya filiji yomwe mukundiwerengera molakwika

Kwa Bwana Manejala,
Nthambi ya Mzuzu

Bwana,

Ndatopa nako kuimba foni n'kumangouzidwa kuti "tikuimbirani", n'chifukwa chake ndalemba kalatayi.

Filiji ndinatenga kwanuko pa K480,000. Ndinapereka K120,000 yoyambira, ndipo yotsalayo tinagwirizana kuti ndizipereka K45,000 pofika pa 5 mwezi uliwonse, kwa miyezi 8. Kuyambira Januwale mpaka Meyi sindinaphonye mwezi, ndalipira K225,000. Ngongole yanga yotsala ndi K135,000. Koma uthenga wanu wa pa foni ukuti K195,000.

K60,000 yoonjezerayo ndikudziwa komwe yachokera. Pa 3 Malichi ndinalipira pamanja mu shopu mwanu. Netiweki kunalibe, ndiye mnyamata wanu anandilembera lisiti la m'buku, nadinda chidindo, n'kunena kuti alowetsa mu kompyuta netiweki ikabwera. Sanalowetse. Kuyambira pamenepo ndalama ya Epulo munakatsekera Malichi, ya Meyi n'kutsekera Epulo. Mwezi uliwonse ndikuoneka ngati ndatsalira, ndipo mwezi uliwonse mukundidula chindapusa cha K5,000. Zindapusa zitatu ndi K15,000, kuphatikiza K45,000 yosalowetsedwa ija, ndiyo K60,000 yanuyo. Ngati ine ndatha kuzipeza ndi cholembera pakhomo, akalaliki anu chikuwakanika n'chiyani?

Ndakhala ndikukwera kabaza kuchoka ku Chibavi kubwera m'tauni, bizinesi yanga ya mafilizesi nditatseka. Lero akuti wosunga mabuku watuluka, mawa akuti buku la malisiti lili ku likulu. Koma chomwe chinandipweteka kwambiri ndi Lachisanu lapitali. Ndinayala malisiti anga onse pa kauntala. Mayi amene anali pamenepo sanawagwire n'komwe. Anangotembenuza kompyuta n'kunena mokweza, anthu ali pa mzere, kuti, "Kompyuta sinama mayi, nonse ozemba ngongole mumalankhula chonchi." Ine wozemba ngongole, chidindo chanu chili m'manja? Ndine munthu wamkulu, ndipo pa mzerepo panali anthu a kumpingo kwathu. Ndinatuluka misozi ikulengeza.

Dzulo mwatumizanso uthenga woopseza kuti mudzalanda filijiyo.

Tsegulani buku la malisiti la Malichi, kope yake ili momwemo. Mulowetse K45,000 ija pa tsiku lomwe ndinalipira, osati tsiku lomwe mwaipeza, kuti zindapusa zonse zitatu zifufutike. Kenako mundipatse sitetimenti yosainidwa, yoonetsa tsiku la malipiro aliwonse, ndalama yotsala, ndi masiku a malipiro atatu otsalawo. Mayi aja apepese.

Ya Juni ndilipira pa nthawi yake monga mwa pangano, koma K60,000 imeneyo sindipereka ngakhale tambala. Pakafika pa 5 Juni musanakonze, malisitiwa ndikawatula ku bungwe loteteza ogula la CFTC, ndipo mbaula yomwe ndimafuna kudzatenga kwanuko ndikagula kwina.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa,
wa ku Chibavi, Mzuzu